Banki Yaikulu ikagula zikalata za ngongole za boma, ndalama zolipirira zimachokera kuti?

Nthawi iliyonse mitengo ya zinthu ikakwera, mkangano umodzi umabwerera m'maminibasi a ku Area 25, m'maofesi a ku City Centre ndi pa mawailesi. Anthu ena amanena kuti boma likusindikiza ndalama. Ena, makamaka amene anaphunzira za chuma, amatsutsa mwaukali kuti palibe ndalama imene yasindikizidwa, ndipo amafotokoza kuti banki yaikulu ya dziko ikalowa pamsika imangogula zikalata za ngongole za boma kuchokera kumabanki a zamalonda, zomwe ndi malonda wamba amene malamulo amalola. Mbali iliyonse ikunena zina zoona, ndipo n'chifukwa chake mkanganowu sutha. Ine ndili kumbali ya amene akunena kuti banki yaikulu ikagula zikalata zimenezi imapanga ndalama zatsopano ngakhale makina osindikizira sanayatsidwe. Ndikuonanso kuti m'dziko longa lathu, limene ndalama zakunja n'zosowa, kunena kuti "tagula kumabanki osati kuboma" sikuyankha nkhawa ya anthu. Umboni wake uli m'buku la chuma ndi ngongole la bankiyo, ndipo munthu aliyense wodziwa kuwonkhetsa ndi kuchotsera angathe kuutsatira.

Buku limeneli lili ndi mbali ziwiri zimene ziyenera kufanana nthawi zonse. Mbali yoyamba ndi ya chuma, kutanthauza zinthu zimene bankiyo ili nazo kapena zimene ena ayenera kuibwezera. Ku Reserve Bank of Malawi zazikulu mwa izi ndi ndalama zakunja, zikalata za ngongole za boma ndi ngongole zimene yapereka kumabanki. Mbali yachiwiri ndi ya ngongole zake, pamodzi ndi mpamba wake. Chimene chimadabwitsa anthu ambiri pambaliyi n'chakuti pepala la K5,000 limene lili m'thumba mwanu limalembedwa ngati ngongole ya Banki Yaikulu. Pambali yomweyo pali ndalama za boma zimene zili muakaunti yake ku Banki Yaikulu, ndiponso ndalama zimene banki iliyonse ya zamalonda imasunga muakaunti yake kumeneko. Ndalama zomalizazi ndidzazitchula kuti nkhokwe ya mabanki, ndipo nkhani yonseyi yagona pa izo. Munthu wamba sangatsegule akaunti yotere, ndi ya mabanki okha. Mabanki amalipirana kudzera mu akauntizi. Mukatumiza ndalama kuchoka kubanki yanu kupita kubanki ina, nkhokwe ya banki yanu imatsika ndipo ya banki inayo imakwera, kudzera pa njira yolipirana ya MITASS.

Manambala amene nditi ndigwiritse ntchito ndi ongoyerekeza, ndawasankha kuti asavute kuwerenga. Tinene kuti banki ina ya zamalonda ili ndi zikalata za ngongole za boma za masiku 364, imodzi mwa mitundu itatu ya zikalata zanthawi yochepa imene boma lathu limagulitsa, inayo ndi ya masiku 91 ndi ya masiku 182. Lachiwiri m'mawa Banki Yaikulu ikugula zikalatazo pa K10 biliyoni. M'buku lake mzere wa zikalata za boma ukukwera ndi K10 biliyoni kumbali ya chuma, ndipo mzere wa nkhokwe ya mabanki ukukwera ndi K10 biliyoni kumbali ya ngongole. Buku lonse lakula ndi K10 biliyoni mbali zonse ziwiri. M'buku la banki yogulitsayo zikalata zatsika ndi K10 biliyoni ndipo nkhokwe yake yakwera ndi K10 biliyoni, kotero kukula kwa buku lake sikunasinthe, ndipo ndalama za makasitomala ake zili momwe zinalili. Ku Capital Hill nako ngongole ya boma sinachepe ndi tambala limodzi, chimene chasintha ndi dzina la amene adzalipidwe tsiku lobweza likadzafika. Ngati munthu wakayikira, afufuze m'buku la Banki Yaikulu mzere umene watsika kuti K10 biliyoni imeneyi ipezeke, ndipo saupeza. Ndalama zakunja zili momwe zinalili, akaunti ya boma sinakhudzidwe, mpamba wa bankiyo sunachepe. Ndalamayo kunalibe Lolemba, ndipo yakhalapo Lachiwiri chifukwa chakuti yalembedwa.

Ndinamvetsa bwino kusiyana kumeneku nditakhala pakhonde ku Kawale tsiku lina Lamlungu masana, pamene gulu la banki mkhonde la mlongo wanga linali kukumana. Msungichuma wa gululi ndi mayi wachikulire amene amalemba zonse m'kope lachikuto cholimba lomangidwa ndi lamba wa mphira, ndipo ndalama amaziika m'beseni pakati pa mphasa kuti aliyense aziona. Mayi wina anapempha K80,000 yoti akapikule kaunjika kumsika wa Tsoka. Msungichuma anawerenga za m'beseni kawiri, n'kunena kuti, "Amayi, muli K55,000 yokha muno. Kope ili silibala ndalama, dikirani sabata yamawa." Anthu anaseka, koma mawu amenewo akufotokoza lamulo limene limamanga wina aliyense m'dziko muno, ngakhale banki ya zamalonda pamene ikulipira inzake, loti sungapereke chimene ulibe. Kope limodzi lokha m'Malawi ndilo limabala kwacha yotere, ndipo lili ku Banki Yaikulu. Mphamvu imeneyi si chinyengo, inaperekedwa ndi lamulo, ndipo dziko lililonse lokhala ndi ndalama yakeyake lili ndi kope lotere. Koma popeza ndi limodzi lokha, sitingaweruze kugula kwake monga momwe tingaweruzire kugula kwa kampani ya inshuwalansi kapena thumba la penshoni, amene amalipira ndi ndalama zimene zinalipo kale.

Otsutsana nane amayamba ndi mfundo yakuti palibe ndalama yapepala imene yasindikizidwa, kotero mawu akuti "kusindikiza ndalama" ndi osocheretsa. Pa mawuwo ali ndi zoona, ndipo ine sindiwagwiritsa ntchito. Lachiwiri lija mzere wa ndalama zapepala ndi zachitsulo zimene zili m'manja mwa anthu sunasunthe. Komabe nkhokwe ya mabanki ndi ndalama yapepala ndi chinthu chimodzi chimene chimangooneka mosiyana. Ngati kumapeto kwa mwezi makasitomala a banki ija akufuna ndalama zambiri pamakina otapira ndalama, bankiyo imapita ku Banki Yaikulu kukatenga, tinene, K2 biliyoni yapepala. Mzere wa nkhokwe umatsika ndi K2 biliyoni, mzere wa ndalama zapepala umakwera ndi K2 biliyoni, ndipo kukula kwa buku sikusintha. Choncho kusindikiza kumabwera pambuyo, pamene anthu afuna kugwira ndalamayo m'manja, ndipo chiganizo chenicheni chopanga ndalama chinachitika kale pa tsiku logula zikalata. Amene akulozera makina osindikizira kuti sanayatsidwe akulozera mbali ya nkhaniyi imene ilibe kulemera.

Mfundo yachiwiri ndi yolemera kwambiri, ndipo ndiyenera kuipatsa malo ake. Iwo amati banki ya zamalonda yangosinthanitsa chuma cha mtundu wina ndi china, ndipo palibe munthu wamba amene akaunti yake yakwera. Nkhokwe ya mabanki singagule ufa ku Mchesi kapena simenti ku Biwi, chifukwa siituluka m'gulu la mabanki. Ngati palibe amene ali ndi ndalama zoonjezera zogulira katundu, akufunsa, mitengo ingakwere bwanji? Pa tsiku loyamba zimenezi n'zoona ndithu. Ndikuvomerezanso kuti chiphunzitso chakale, chakuti kwacha iliyonse yolowa m'nkhokwe imachulukitsidwa yokha kakhumi kudzera m'ngongole, sichifotokoza bwino mmene mabanki amachitira. Banki imabwereketsa ikapeza wobwereka wodalirika ndiponso ikakhala ndi mpamba wokwanira, ndipo kudzaza kwa nkhokwe pakokha sikuikakamiza kubwereketsa.

Koma nkhaniyi siithera pa tsiku loyamba, ndipo ndikusiyana nawo pa zimene zimachitika pambuyo pake. Banki imene dzulo inali ndi chikalata chobala chiwongoladzanja chachikulu lero ili ndi nkhokwe imene sibala phindu lofanana ndi limenelo, ndipo woyang'anira chuma cha bankiyo sangagone nayo. M'dziko lathu wobwereka wamkulu, wokonzeka nthawi zonse ndiponso wolipira chiwongoladzanja chokoma, ndi boma lomwelo. Tinene kuti pa msika wotsatira wa zikalata banki ija ikugwiritsa ntchito K8 biliyoni imene yatsala itachotsa K2 biliyoni yapepala ija kugula zikalata zatsopano. M'buku la Banki Yaikulu nkhokwe ya mabanki ikutsika ndi K8 biliyoni ndipo akaunti ya boma ikukwera ndi K8 biliyoni, zonse kumbali imodzi ya ngongole. Kenaka boma likulipira aphunzitsi, anamwino ndi makontilakitala. Akaunti ya boma ikutsika ndi K8 biliyoni, nkhokwe ya mabanki ikukweranso ndi K8 biliyoni, ndipo tsopano maakaunti a anthu wamba akwera ndi K8 biliyoni. Iyi ndi ndalama imene imagula ufa ndi simenti. Onaninso kuti nkhokwe ija sinathe, yazungulira n'kubwerera kumabanki. Lamulo limafuna kuti banki isunge gawo lina la ndalama za makasitomala ku Banki Yaikulu, ndipo ngati gawolo ndi 10 peresenti, pa K8 biliyoni yatsopanoyo K800 miliyoni yokha ndiyo imamangika. Yotsalayo, K7.2 biliyoni, ili yomasuka kugulanso zikalata pa msika wa sabata yotsatira. Motero nkhokwe imene anthu ankati singagule ufa yathandiza boma kubwereka mosavuta, ndiponso pa chiwongoladzanja chotsika kuposa chimene likanalipira mabanki akanakhala kuti ndalama zawathina.

Zimenezi zikundifikitsa pa mfundo yachitatu, yokhudza malamulo. Otsutsa amanena kuti pali kusiyana kwakukulu pakati pa banki yaikulu kubwereketsa boma mwachindunji ndi kugula zikalata zimene mabanki anagula kale mwa kufuna kwawo. Lamulo limaika malire pa ngongole yachindunji imene boma lingatenge ku Banki Yaikulu, ndipo kugula pamsika ndi chida chovomerezeka choyendetsera kuchuluka kwa ndalama. Kusiyana kumeneku n'kwenikweni ndipo kuli ndi phindu, chifukwa boma likamagulitsa zikalata kumabanki limayenera kulandira mtengo umene ogula avomereza, ndipo mtengowo umalichenjeza likayamba kubwereka mopyola muyeso. Komabe yerekezani mabuku awiri. M'buku loyamba Banki Yaikulu yagula chikalata mwachindunji kuboma ndipo boma lagwiritsa ntchito ndalamayo, kotero zikalata zakwera, nkhokwe ya mabanki yakwera, maakaunti a anthu akwera. M'buku lachiwiri banki ya zamalonda yagula chikalata Lolemba, boma lagwiritsa ntchito ndalamayo, ndipo Lachisanu Banki Yaikulu yagula chikalatacho kubankiyo. Mukatseka mabuku onse awiri madzulo a Lachisanu, mizere yake ndi yofanana ndendende, kupatulapo kaphindu kamene banki yapakatiyo yadya. Choncho chitetezo chonse chagona pa chinthu chimodzi, chakuti banki yogula Lolemba isakhale ndi chitsimikizo chakuti Lachisanu idzaomboledwa. Ikangodziwa kuti wogula alipo nthawi zonse, imasiya kufunsa ngati boma lidzatha kubweza, ndipo chenjezo la mtengo lija limatha mphamvu ngakhale palibe ndime ya lamulo imene yaphwanyidwa.

Mfundo yachinayi imachokera kunja, ndipo ndimaimva kwambiri kwa achinyamata ophunzira za chuma. Iwo amakumbutsa kuti banki yaikulu ya ku America inagula zikalata zochuluka zedi pambuyo pa mavuto a zachuma a mu 2008, moti buku lake linakula kuchoka pa madola pafupifupi 900 biliyoni kufika pa madola pafupifupi 4.5 thililiyoni pofika mu 2015, ndipo m'zaka zimenezo mitengo ya zinthu sinakwere moopsa. Izi zinachitikadi. Koma tiyenera kufunsa chifukwa chake nkhokwe yaikulu choncho inakhala phee. Chifukwa chimodzi n'chakuti chiwongoladzanja chinali pafupifupi ziro ndipo anthu ambiri anali kubweza ngongole m'malo motenga zatsopano. Chifukwa china n'chakuti kuyambira mu 2008 banki yaikuluyo inayamba kulipira mabanki chiwongoladzanja pa nkhokwe yawo, kotero panalibe chowathamangitsa. Chachikulu koposa n'chakuti munthu wa ku America akakhala ndi madola ambiri safunikira kuwasintha kuti agule mafuta agalimoto, chifukwa mafuta pa dziko lonse amagulitsidwa m'madola omwewo.

Kwathu kuno kwacha yoonjezera imatenga njira ina, ndipo njirayo imadutsanso m'buku lomwelo la Banki Yaikulu. Mafuta, feteleza, mankhwala ndi zipangizo zambiri zomangira timagula kunja. Kontilakitala amene walipidwa kuchokera pa K8 biliyoni ija amapita kubanki yake kukapempha madola, ndipo bankiyo ikasowa imayang'ana ku Banki Yaikulu. Ngati Banki Yaikulu yagulitsa madola okwana K5 biliyoni, mzere wa ndalama zakunja umatsika ndi K5 biliyoni kumbali ya chuma ndipo nkhokwe ya mabanki imatsika ndi K5 biliyoni kumbali ya ngongole. Munthu woyang'ana kukula kwa buku kokha anganene kuti zinthu zayamba kubwerera m'malo mwake, popeza K10 biliyoni ija yatsala K5 biliyoni. Koma tayang'anani zimene zili m'kati. Pamene panali madola tsopano pali zikalata za boma, ndipo sitima yonyamula mafuta ikafika ku Beira kapena ku Dar es Salaam silandira zikalata za masiku 364. Ngati Banki Yaikulu ilibe madola ogulitsa, kwacha ija siizimiririka. Imakafunafuna madola kumsika wosavomerezeka, mtengo wa dola kumeneko umakwera, ndipo wogulitsa zitsulo zagalimoto amakweza mitengo yake asanamve chilengezo chilichonse. Tinaona kwacha ikuchepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Sindikunena kuti kugula zikalata ndiko kokha kunabweretsa zimenezo, pakuti nkhani ya ndalama zakunja ili ndi mizu yambiri, kuphatikizapo kuchepa kwa katundu amene timagulitsa kunja. Ndikungonena kuti dziko limene laona zoterozo silingabwereke chitsanzo cha America n'kuchivala ngati chasokedwa pa msinkhu wake.

Mfundo yomaliza ya otsutsa ndiyo ndimagwirizana nayo kwambiri. Iwo amati banki yaikulu iyenera kukhala ndi mphamvu yothira ndalama m'mabanki pamene zathina mwadzidzidzi, ndipo chimene yagula lero ingathe kuchigulitsa mawa. N'zoona kuti pali masiku amene nkhokwe ya mabanki imaphwa popanda cholakwa cha wina aliyense. Makampani akamalipira misonkho yambiri nthawi imodzi, ndalama zimachoka m'nkhokwe ya mabanki kupita kuakaunti ya boma, ndipo pa nyengo yokolola anthu amatapa ndalama zapepala zochuluka kukagulira mbewu kumidzi. Zikatero mabanki amayamba kubwerekana pa chiwongoladzanja chokwera, ndipo ngati palibe wothandiza malipiro a anthu angachedwe. Njira yoyenera pamenepo ndi kugula kwa kanthawi, pamene Banki Yaikulu imatenga zikalata ndi pangano lakuti banki yogulitsayo idzaziombola pakatha masiku ochepa pa mtengo wogwirizana. M'buku zimenezi zimalembedwa ngati ngongole yoperekedwa kubankiyo, zikalatazo n'kukhala chikole, ndipo tsiku la pangano likafika mizere yonse iwiri imatsika yokha. Kugula kotere sindikulimbana nako. Chimene ndikukana ndi kugula kwachikhalire kumene kumabisala m'dzina la kugula kwa kanthawi, komanso kugula kwa kanthawi kumene kumakonzedwanso sabata iliyonse mpaka chaka n'kutha.

Ponena za kugulitsa mawa chimene wagula lero, pakamwa n'posavuta koma m'buku pamakhala mtengo wake. Chikalata chanthawi yochepa sichilipira chiwongoladzanja mwezi ndi mwezi, chimagulidwa pa mtengo wotsika ndipo chimabwezedwa pa mtengo wathunthu. Ngati chiwongoladzanja ndi 25 peresenti pachaka, chikalata chimene boma lidzabweza K100 pakatha chaka chimagulidwa pa K80. Choncho K10 biliyoni imene Banki Yaikulu inalipira inagula zikalata zimene boma lidzabweza K12.5 biliyoni. Tsopano tinene kuti posakhalitsa mitengo yayamba kukwera, chiwongoladzanja chapamsika chafika pa 30 peresenti, ndipo Banki Yaikulu ikufuna kubweza m'khola ndalama imene inatulutsa. Pa 30 peresenti zikalata zomwezo zingagulidwe pa K9.6 biliyoni yokha. Ikagulitsa, mzere wa zikalata utsika ndi K10 biliyoni, nkhokwe ya mabanki itsika ndi K9.6 biliyoni, ndipo pafupifupi K400 miliyoni yotsalayo ichotsedwa pa mpamba wa Banki Yaikulu. Ndalama imeneyo yatsala m'mabanki ndipo palibenso chikalata chogulitsa kuti ibwerere. Pa zikalata za zaka zisanu kapena khumi kutayako kumakhala kokulirapo, chifukwa mtengo wake umagwa kwambiri chiwongoladzanja chikakwera. Kuonjezera apo, nthawi imene Banki Yaikulu ikufuna kugulitsa ndiyo nthawi yomweyo imene boma likufuna ogula a zikalata zake zatsopano, kotero awiriwa amapezeka akulimbirana makasitomala omwewo, ndipo aliyense angaganize yekha kuti amene amapemphedwa kudikira ndi ndani.

Wina anganene kuti palibe chifukwa chogulitsira, tingodikira tsiku lobweza. Tsikulo likafika, boma limalipira K12.5 biliyoni kuchokera muakaunti yake. Mzere wa akaunti ya boma umatsika ndi K12.5 biliyoni, zikalata zimachoka m'buku, ndipo K2.5 biliyoni yapamwambayo imakhala phindu la Banki Yaikulu, limene gawo lake limabwerera kwa mwini bankiyo, yemwe ndi boma. Ngati boma linadzaza akauntiyo ndi misonkho, ndiye kuti ndalama inachokadi m'manja mwa anthu ndi m'nkhokwe ya mabanki, ndipo chimene chinapangidwa Lachiwiri lija chafafanizidwa. Iyi ndiyo njira yoyera. Koma ngati pa tsikulo boma lapereka chikalata chatsopano m'malo mwa chakale, buku silichepa, ndipo ndalama imene inatchedwa ya chaka chimodzi imakhazikika. Pali chinanso chimene chimandidetsa nkhawa pano. Popeza chiwongoladzanja cholipidwa ku Banki Yaikulu chimatha kubwerera kuboma ngati phindu, ngongole yokhala kumeneko imaoneka yotsika mtengo kwa woyang'anira thumba la boma kuposa yokhala kwina, ndipo chinthu chooneka chotsika mtengo anthu amachifuna mobwerezabwereza.

Pa chifukwa chimenechi, ndikupempha kuti mkangano wathu uchoke pa mawu n'kupita pa manambala amene Banki Yaikulu imafalitsa yokha m'malipoti ake. Mtolankhani kapena phungu wa Nyumba ya Malamulo safunikira digiri ya zachuma kuti aike miyezi khumi ndi iwiri pamzere n'kuyang'ana mmene ngongole ya boma ku Banki Yaikulu ikuyendera, atachotsapo ndalama zimene boma lasunga kumeneko. Ngati mzerewo ukukwera ndi kutsika motsatira nyengo ya misonkho ndi yokolola, ndiye kuti chida chikugwira ntchito imene chinapangidwira. Ngati ukungokwera mwezi ndi mwezi, pamene mzere wa ndalama zakunja ukutsika ndipo nkhokwe ya mabanki pamodzi ndi ndalama zapepala zikukula mofulumira kuposa katundu amene dziko likupanga, ndiye kuti mzimayi wa muminibasi amene akunena kuti akusindikiza ndalama wangolakwitsa mawu, koma chimene akuchiona n'choona. Pali chizindikiro chinanso chosavuta kuchiona, chomwe ndi pamene banki yaikulu ikukweza chiwongoladzanja chake ndi gawo limene mabanki ayenera kusunga, n'cholinga chochepetsa ndalama, koma nthawi yomweyo zikalata za boma m'buku lake zikuchuluka. Pamenepo dzanja limodzi likukolopa pamene linzake latsegula mpopi, ndipo wobwereka wamba, monga mwini chigayo wa ku Area 36, ndiye amalipira chiwongoladzanja chokwera chimene chikulephera kutsitsa mitengo.

Sindikufuna kuti Banki Yaikulu ilandidwe chida chimenechi, pakuti dziko lopanda wothira ndalama m'mabanki pa tsiku la ngozi lingavutike koposa. Chimene ndikupempha n'chakuti pa kugula kulikonse kwachikhalire anthu auzidwe poyera kuchuluka kwa zikalata zogulidwa, mtengo umene unalipidwa poyerekeza ndi wapamsika tsiku limenelo, ndi tsiku limene zikalatazo zidzachoka m'buku. Mtengo ndi wofunika chifukwa ngati chikalata cha K80 chagulidwa pa K83, K3 yapamwambayo ndi mphatso kubanki yogulitsa, yochokera pa mpamba wa anthu onse, ndipo pa zikalata zimene boma lidzabweza K12.5 biliyoni mphatso yotereyo ndi K375 miliyoni. Tsiku ndi lofunika chifukwa ndilo lokha limasiyanitsa ndalama imene yabwera kudzathandiza kwa kanthawi ndi imene yabwera kudzakhala. Komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za bajeti ndi chuma ingathe kufunsa mafunso atatuwa nthawi iliyonse imene akuluakulu a Banki Yaikulu aonekera pamaso pake, ndipo mayankho ake alipo kale m'buku limene bankiyo imatseka madzulo a tsiku lililonse la ntchito.